Kuwerengera alawansi ya shifiti ndi ndalama ya usiku pamwamba pa besiki

Kumapeto kwa mwezi uliwonse pawindo langa pamabwera munthu mmodzi kapena awiri atagwira peyisilipu yopindapinda, funso lake n'lomwelo: "A kalaliki, mausiku onse aja ndinagona maso pa uvuni, ndalama yake ndi imeneyi basi?" Nthawi zina amakhala akulondola, nthawi zina ayi. Koma mwa onse amene ndawaona kuno ku Chipata, a m'mabekare, a pa zigayo zikuluzikulu, a kumakina a thonje, ndi ochepa amene angakhale pansi n'kuziwerengera okha. Olemba malipiro nawonso timaphonya, ndipo timaphonya malo omwewomwewo.

Gwero la vutoli ndi limodzi. Anthu amaganiza kuti alawansi ya shifiti ndi ndalama ya usiku ndi chinthu chimodzi. Si chimodzi. Alawansi ya shifiti imawerengedwa pa shifiti kapena pa mwezi, monga mmene munagwirizanirana ndi abwana. Ndalama ya usiku imawerengedwa pa ola, ndipo wotchi ndiye amagamula, osati dzina la shifiti. Mukazisiyanitsa ziwirizi, zotsalazo ndi masamu a ku pulayimale.

## Zoti mukhale nazo patebulo

- Kontirakiti yanu, kapena pangano la yuniyoni ngati muli m'yuniyoni
- Rosita ya mwezi wonse, pamodzi ndi buku losayina polowa ndi poweruka
- Peyisilipu ya mwezi watha
- Kalenda, pepala la mizere, pensulo ndi kalikuleta ya pa foni

Rosita yokha siikwana. Rosita imanena zimene zinayenera kuchitika, buku losayina limanena zimene zinachitikadi. Pamene ziwirizi zasiyana, ndalama ili pomwepo.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: bambo wina wa pa uvuni m'bekare, amakhala ku Mchini, besiki yake ndi K2,496 pamwezi. Bekareyo ili ndi mashifiti atatu: ya m'mawa 06:00 mpaka 14:00, ya masana 14:00 mpaka 22:00, ndi ya usiku 22:00 mpaka 06:00. Mwezi ndi Juni, uja wa mphepo yolasa m'mafupa poweruka m'bandakucha. Ndausankha chifukwa mulibe holide ya boma yotisokoneza.

## 1. Dziwani kaye lamulo limene likukukhudzani

Pa maola a ntchito ndi ovataimu, lamulo lalikulu kuno ku Zambia ndi Employment Code Act, nambala 3 ya 2019. Limati sabata ya ntchito ndi maola 48, ndipo ola lililonse lopitirira apo lilipidwe kamodzi ndi theka.

Ndalama ya usiku ili mu lamulo laling'ono la malipiro ochepetsetsa a antchito wamba, limene nduna ya zantchito imatulutsa. Limati munthu wogwira ntchito pakati pa 18:00 ndi 06:00 alandire malipiro ake a pa ola, kuwonjezerapo 15 peresenti ya malipiro a pa olawo pa ola lililonse limene wagwira m'nthawi imeneyo.

Chenjezo: lamulo laling'onoli silikuta aliyense. Amene malipiro awo amakambidwa ndi yuniyoni amatsata pangano lawo, a m'boma ali ndi zawo, mamanejala nawonso. Choncho tsegulani kontirakiti kapena panganolo muone peresenti imene yalembedwa ndi maola amene akuwatcha usiku. Ngati panganolo likupereka 20 peresenti, gwiritsani 20. Bambo wathu wa pa uvuni sali m'yuniyoni, ndiye tigwiritsa 15.

Alawansi ya shifiti ndi nkhani ya pangano. Ena amapereka ndalama imodzi mwezi uliwonse kwa aliyense amene ali pa kasinthasintha, ena amapereka pa shifiti iliyonse imene wagwiradi. M'kontirakiti ya bambo wathu mwalembedwa K25 pa shifiti iliyonse ya masana kapena ya usiku. Ya m'mawa ilibe kanthu.

## 2. Pezani besiki yeniyeni

Pa peyisilipu yang'anani mzere wolembedwa `Basic Pay`. Musatenge wa pansi wolembedwa `Gross Pay`, ndipo musatenge ndalama imene inalowa ku banki kapena pa foni. Besiki ilibe ya nyumba, ilibe ya thiransipoti, ilibe ya nkhomaliro.

Zikuoneka zapafupi, komabe munthu ukamufunsa kuti umalandira zingati, amatchula imene inagwa m'manja. Akayamba masamu ndi nambala imeneyo, zonse zotsatira zapotoka.

## 3. Gawani ndi 208 kuti mupeze ya pa ola

Lamulo la 2019 limati besiki ya pamwezi igawidwe ndi maola 208. Nambalayi siinagwe kumwamba. Maola 48 pa sabata kuchulukitsa ndi masabata 52 a chaka, kugawa ndi miyezi 12, zimapereka 208. Ndi chimodzimodzi masiku 26 a maola 8.

```
2496 / 208 = 12.00
```

Ola limodzi la bambo wathu ndi K12.

Chenjezo: 208 siisintha ndi mwezi. Febuluwale ndi 208, Julayi ndi 208. Alonda okha ndi amene ali ndi nambala yawo: kwa iwo lamulo limati kugawa ndi 240, ndipo ovataimu yawo imayamba akapyola maola 60 pa sabata. Ngati simuli mlonda ndipo wina wagawa besiki yanu ndi 240, wakudulani. Zimachitika popanda ngakhale cholinga choipa: munthu agawa ndi masiku 30, kenako ndi maola 8, osazindikira kuti wafika pa 240.

Ngati yankho lanu lili ndi manambala ambiri kuseri kwa dontho, musawadule pano. Asiyeni pa kalikuleta mpaka kumapeto. Ngwee imodzi yotayika pa ola, mukaichulukitsa ndi maola 100, ndi kwacha yathunthu.

## 4. Werengani maola a usiku, shifiti ndi shifiti

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye tisathamange.

Jambulani mizere pa pepala: tsiku, nthawi yolowa, nthawi yoweruka, maola onse, maola a usiku. Lembani tsiku lililonse la mwezi kuchokera m'buku losayina. Ndiyeno pa shifiti iliyonse dzifunseni funso limodzi lokha: ndi maola angati a shifitiyi amene agwera pakati pa 18:00 ndi 06:00?

Shifiti ya m'mawa, 06:00 mpaka 14:00, ilibe ola la usiku ngakhale limodzi. Shifiti ya usiku, 22:00 mpaka 06:00, maola onse 8 ndi a usiku. Izi aliyense amaziona.

Imene imaiwalika ndi ya masana. Munthu walowa 14:00 dzuwa lili pamutu, ndiye m'maganizo mwake, ndi mwa kalaliki, imeneyo ndi shifiti ya masana basi. Koma kuyambira 18:00 mpaka 22:00 pali maola 4, ndipo onsewo ali m'nthawi ya usiku. Theka la shifiti. Lamulo silifunsa kuti shifiti mumaitcha chiyani pa rosita.

Mu Juni bambo wathu anagwira mashifiti 26: a m'mawa 10, a masana 8, a usiku 8.

```
masana: 8 x 4 = 32
usiku:  8 x 8 = 64
```

Pamodzi ndi maola 96. Koma buku losayina likuonetsa chinthu china chimene rosita ilibe. Lachinayi lina ali pa shifiti ya masana, womulowa m'malo sanabwere, mwana anadwala. Mtanda unali utafufuma kale m'mathireyi, sukanadikira munthu. Kapitawo anamupempha kuti apitirize, ndipo anaweruka 02:00 pamene anapezeka wina. Maola 4 amenewo, 22:00 mpaka 02:00, nawonso ndi a usiku. Maola onse a usiku afika 100.

Pali misampha itatu pa sitepe imeneyi.

Woyamba ndi pakati pa usiku. Shifiti yoyamba 22:00 pa 30 Juni imatha pa 1 Julayi. Kodi ipita mwezi uti? Njira yosavuta ndi kuiika yonse pa tsiku limene inayamba. Chofunika n'chakuti muzichita chimodzimodzi mwezi uliwonse. Ndinaonapo shifiti ikusowa chonchi: wolemba Juni anaisiyira Julayi, wolemba Julayi anaganiza kuti inalipidwa kale.

Wachiwiri ndi tsiku lotsekera. Makampani ambiri salinda mwezi kutha. Amatseka mabuku cha m'ma 20 kuti ndalama ilowe pa nthawi yake, ndiye besiki imakhala ya mwezi wathunthu koma maola a usiku amakhala ochokera pa tsiku lotsekera la mwezi watha kufika pa la mwezi uno. Mukawerenga kuyambira pa 1 mpaka pa 30 pamene iwo anawerenga kuyambira pa 21 mpaka pa 20, simudzagwirizana, ngakhale palibe amene waba. Funsani tsikulo musanayambe kukwiya. M'chitsanzo chathu bekare imawerenga mwezi wa pa kalenda.

Wachitatu ndi nthawi yopuma. Ndalamayi ndi ya ola limene mwagwira. Ngati kontirakiti ikuti pali ola lopuma losalipidwa, ndipo mumachokadi pamalo n'kukapuma, olalo limachotsedwa, shifiti ya usiku n'kukhala maola 7. Koma munthu amene amamwa tiyi ataimirira, diso lili pa uvuni, ine sindimuchotsera. Bambo wathu ndi wotero.

Kwa amene amagwiritsa Excel: mukalemba nthawi yolowa mu B2 ndi yoweruka mu C2, kuchotsera wamba kumalephera pa shifiti yodutsa pakati pa usiku, chifukwa 06:00 ndi yochepa kwa 22:00. Lembani chonchi:

```
=MOD(C2-B2,1)*24
```

Kabokosi ka yankho kakhale ka nambala wamba, osati ka nthawi. Fomulayi ikupatsani maola onse a shifiti. Maola a usiku okha ndi bwino kuwayang'anabe ndi maso.

## 5. Werengerani ndalama ya usiku

Tengani 15 peresenti ya K12, ndiyo K1.80. Chulukitsani ndi maola a usiku.

```
12 x 0.15 = 1.80
1.80 x 100 = 180.00
```

Ndalama ya usiku ndi K180. Ambiri akaiona amagwa mphwayi, ankayembekezera yaikulu. Ndi yochepadi, koma ndi imene lamulo likupereka pa besiki imeneyi.

Chenjezo: musawonjezere K12 ija kachiwiri. Maola 96 a m'mashifiti ake anthawi zonse analipidwa kale mu besiki. Chimene chikukwera pamwamba ndi K1.80 yokha. Amene amachulukitsa K13.80 ndi 100 n'kuika K1,380 pamwamba pa besiki walipira maola omwewo kawiri.

## 6. Werengerani alawansi ya shifiti payokha

Apa sitiwerenga maola, tiwerenga mashifiti. A masana 8 ndi a usiku 8 ndi 16.

```
16 x 25 = 400.00
```

Maola 4 owonjezera aja sapanga shifiti yatsopano. Ndi mchira wa shifiti ya masana imene yawerengedwa kale.

Ngati alawansi yanu ndi ya pa shifiti, mwezi umene mwapita pa livi imatsika, ndipo zimenezo si kuba. Ngati ndi ya pamwezi, onani zimene kontirakiti ikunena za masiku amene simunabwere.

Abwana ena amati, "Alawansi ya shifiti ndakupatsa kale, ya usiku ili momwemo." Musavomere ndi mutu wokha, ndipo musakane musanawerenge. Onani kontirakiti. Ngati ikutchula ziwirizi padera, zonse zilipidwe. Ngati ikunena poyera kuti alawansiyo ikuphatikiza ya usiku, werengerani ya usikuyo monga tachitira pamwambapa, muone ngati alawansiyo ikuifika. Mwezi wa mausiku ambiri ikhoza kuperewera. Langizo langa kwa anzanga olemba malipiro ndi lakuti ikani mizere iwiri pa peyisilipu. Mzere umodzi wosakaniza ndiwo umabweretsa anthu pawindo.

## 7. Ovataimu imene yagwera usiku

Sabata ya Lachinayi lija bambo wathu anagwira maola 52, kupyola 48 ndi maola 4. Maola amenewa sali mu besiki, choncho amalipidwa athunthu, kamodzi ndi theka.

```
12 x 1.5 = 18.00
18 x 4 = 72.00
```

Ndalama yake ya usiku ili kale mu K180 ija, musaiwerengenso. Ola limodzi lotero lamubweretsera K18 ya ovataimu ndi K1.80 ya usiku, pamodzi K19.80.

Apa pamabuka mtsutso: kodi 15 peresenti ichokere pa K12 kapena pa K18? Ine ndimaiwerengera pa K12, chifukwa ndiwo malipiro a pa ola ochokera ku besiki. Ngati pangano lanu likunena kuti ichokere pa ya ovataimu, tsatani pangano. Pa maola 4 awa kusiyana kwake ndi K3.60.

Ovataimu imayang'anidwa sabata ndi sabata, osati pa mwezi wonse. Ndipo ntchito ya pa holide ya boma kapena pa tsiku lanu lopuma, ngati tsikulo si la m'sabata yanu ya ntchito, imalipidwa kawiri.

## 8. Phatikizani zonse

Tsopano bweretsani maalawansi ena aja. Kuyambira Januwale 2024, lamulo la malipiro ochepetsetsa limapereka K200 ya thiransipoti kwa wokhala kutali kopitirira makilomita atatu amene sapatsidwa galimoto, ndi K180 ya nkhomaliro kwa amene sapatsidwa chakudya. Ya nyumba ndi 30 peresenti ya besiki kwa amene sanapatsidwe nyumba. Bambo wathu amalandira zonse zitatu.

```
besiki               2,496.00
nyumba                 748.80
thiransipoti           200.00
nkhomaliro             180.00
alawansi ya shifiti    400.00
ya usiku               180.00
ovataimu                72.00
zonse pamodzi        4,276.80
```

Taonani kuti ya nyumba yachokera pa K2,496 yokha. Alawansi ya shifiti ndi ya usiku zimakhala pambali pa besiki, sizilowa mkati mwake. Mukaziphatikiza kaye ndi besiki n'kumawerengera nyumba pambuyo pake, nyumbayo idzayamba kukwera ndi kutsika mwezi ndi mwezi, chizindikiro choti china chalakwika.

## 9. Onani zochotsedwa

K4,276.80 si imene ilowe m'thumba. NAPSA, bungwe la penshoni, imatenga 5 peresenti ya zonse pamodzi, ndiyo K213.84. NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo, imatenga 1 peresenti ya besiki yokha, ndiyo K24.96. Yotsala ndi K4,038.

Msonkho wa PAYE sunamukhudze chifukwa kuyambira 2024 ndalama zoyamba K5,100 pamwezi zinakhala zopanda msonkho. Koma alawansi ya shifiti, ya usiku ndi ovataimu zonse zimawerengedwa pa msonkho. Munthu amene nthawi zonse amathera pa K4,900, mwezi wa mausiku ambiri akhoza kudumpha mpandawo n'kuona PAYE koyamba. Msonkhowo umagwira gawo lopyola lokhalo, osati ndalama yonse. Malire amenewa amatha kusintha ndi bajeti, ndiye onani a chaka chimene mukuwerengera kwa ZRA, bungwe lotolera msonkho.

## Zolakwa zimene ndimakumana nazo, ndi mmene mungazidziwire

Ubwino wa masamu awa ndi wakuti cholakwa chilichonse chimasiya phazi lake. Mukaona nambala ya pa peyisilipu, mukhoza kudziwa pamene munthu anapunthwa.

Njira yachidule ndi iyi: tengani ndalama ya usiku ya pa peyisilipu muigawe ndi ya pa ola ija, kwa ife K1.80. Yankho ndi maola amene anakuwerengerani. Ngati pa peyisilipu ya bambo wathu palembedwa K115.20, yankho ndi 64. Anawerenga mashifiti a usiku okha, a masana ndi Lachinayi lija anazisiya, ndipo K64.80 yatsala m'buku. Cholakwa ichi ndicho chofala kuposa zonse. Ngati palembedwa K172.80, yankho ndi 96: wolemba anatsata rosita, sanatsegule buku losayina. Pamenepo yang'ananinso mzere wa ovataimu, mwina K72 nayo kulibe.

K156 ikutanthauza kuti maola anawerenga bwino koma besiki anaigawa ndi 240.

Zina zimalakwika mokomera wantchito, ndipo zimenezi ndizo zimawawa pambuyo pake. K374.40 ndi 15 peresenti ya besiki yonse, ngati kuti munthuyo anagwira usiku maola onse 208. Ndalama ya pafupifupi K261 ndi ya amene anaphatikiza nyumba, thiransipoti ndi nkhomaliro asanagawe ndi 208. Zotere zikadziwika, kampani imafuna ndalama yake ibwerere, munthu atazolowera kale kugulira ufa.

Cholakwa china ndi cha antchito eni: kusinthana mashifiti pakamwa. "Achimwene, mundigwirire Loweruka usiku, ndili ndi maliro ku Katete, ndidzakubwezerani." N'zabwino, koma ngati kapitawo sanalembe, K25 ndi maola 8 a usiku zimapita kwa amene dzina lake lili pa rosita. Wogona maso uja amatsala manja lende, ndipo pawindo sindingamuthandize popanda siginecha.

Bambo wa pa uvuni uja anabwera ndi K115.20 pa peyisilipu yake. Tinayala buku losayina patebulo, iye akulozera ndi chala chokhala ndi ufa m'zikhadabo, ine ndikulemba maola. Titafika pa mashifiti a masana anaima n'kufunsa, "Inunso a kalaliki, masana alinso ndi usiku?" Ndinamuonetsa 18:00 mpaka 22:00, kasanu ndi katatu. Cholakwacho chinali cha ku ofesi kwathu, ndipo K64.80 inalowa pa peyisilipu ya Julayi pa mzere wakewake wa zotsalira.

Ngati mwawerengera, mwaonetsa a ku ofesi, koma palibe chikusintha, jambulani masamba a buku losayina ndi foni, tengani peyisilipu, kontirakiti ndi pepala lanu la mizere lija, mupite nazo kwa woimira yuniyoni kapena ku ofesi ya leba ku boma. Kumeneko chinthu choyamba chimene adzafune kuona ndi masiku ndi maola.